Wotenga ndi wogula: mawu onyenga pakati pa Chichewa ndi Chishona ku Selous

Mchewa akayamba kuphunzira Chishona, sipapita nthawi wina asanamupatse mndandanda wa mawu oti achenjere nawo. Mndandandawo sulephera kuyamba ndi *tsitsi*, lomwe kwa ife limamera kumutu koma kwa Mshona ndi chifundo. Kenaka pamabwera *mudzi*, womwe kwa iwo ndi muzu wa mtengo, ndi *kuputa*, komwe kwa iwo ndi kusuta fodya. Wophunzirayo amaseka, amaloweza, ndipo amachoka akuganiza kuti misampha yonse waidziwa. Mindandanda yotereyi ndaionapo yambiri, ina yolembedwa pamanja ndi aphunzitsi, ina yongotchulana pocheza, ndipo dandaulo langa pa yonseyo ndi limodzi. Imasankha mawu potengera kuseketsa kwake, pomwe mawu amene amagwetsa munthu m'dzenje nthawi zambiri saseketsa konse.

Mawu oterewa akatswiri a zilankhulo amawatchula kuti abwenzi onyenga. Dzinali linafala kuchokera m'buku la Maxime Koessler ndi Jules Derocquigny la mu 1928, lomwe linkachenjeza Afalansa omasulira Chingerezi za mawu ooneka ofanana koma otanthauza zosiyana. Pakati pa Chifalansa ndi Chingerezi, wophunzira amadziwa kuti walowa m'nyumba ya eni, choncho amayenda mosamala. Pakati pa Chichewa ndi Chishona vuto ndi lina. Nyumbayo imaoneka ngati ya kwanu, mpaka umafuna kulowa kuchipinda osaodira.

Ndikufuna kuiona nkhaniyi kuchokera ku Selous, katawuni kakang'ono ka m'chigawo cha Mashonaland West, pa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu. Dera limeneli ndi la mafamu a fodya, chimanga ndi ng'ombe, ndipo monga m'mafamu ambiri a ku Mashonaland, m'makomboni mwake munadzaza anthu ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anabwera wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwererenso, ndipo kwathu tinkawatchula kuti matchona. Kugawidwa kwa malo komwe kunayamba mu 2000 kunabalalitsa makomboni ambiri, koma adzukulu awo akadalipo, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Kumeneko Chichewa ndi Chishona cha Azezuru zakhala zikudyera mbale imodzi kwa mibadwo itatu kapena inayi. Agogo amalankhula Chichewa, mdzukulu amayankha m'Chishona, ndipo onse awiri amakhulupirira kuti amvana.

Kawirikawiri amamvanadi, ndipo msampha wagona pomwepo. Malcolm Guthrie, pogawa zilankhulo za Chibantu m'magulu, anaika Chichewa m'chigawo cha N ndipo Chishona m'chigawo cha S, kusonyeza kuti si ana a bere limodzi. Komabe ubale wawo umamveka ndi khutu lomwe. Munthu amene wakhala sabata ziwiri pakomboni amatulukira yekha malamulo osinthira mawu popanda womuphunzitsa. Pomwe ife timalemba *l*, iwo amati *r*: kulima ndi *kurima*, kukula ndi *kukura*. Pomwe ife timati *nj*, iwo amati *nz*: njala ndi *nzara*, njira ndi *nzira*. Munthu ndi *munhu*, mphepo ndi *mhepo*, nkhuku ndi *huku*, nkhuni ndi *huni*, mbewa ndi *mbeva*. Malamulowa ndi oona, ndipo amagwira ntchito kambirimbiri moti wophunzira amasiya kuloweza mawu n'kuyamba kuwapanga yekha. Akafuna liwu la Chishona amatenga la Chichewa, n'kulipinda pang'ono, n'kulitulutsa. Anthu akamumva, amalimba mtima. Akamumvanso kachiwiri ndi kachitatu, amaleka kufunsa.

Tsono lamulo lomwelo limamutengera kuphompho ali chiyang'anire. Akatenga *kulowa* n'kusintha *l* kukhala *r* ndi *w* kukhala *v*, monga anachitira ndi mbewa, amapeza *kurova*, komwe ndi kumenya. Akatenga *dzinja* n'kulisintha monga anasinthira njala, amapeza *dzinza*, lomwe ndi mtundu kapena fuko la munthu, pomwe nyengo ya mvula iwo amati *zhizha*. Njira yobwerera nayonso ili ndi minga yake. Mshona akanena kuti bambo uja *ari kurodza demo*, akutanthauza kuti akunola nkhwangwa, koma khutu la Mchewa lomwe lazolowera kubweza *r* kukhala *l* limamva kulodza. Palibe amene walakwitsa lamulo apa. Lamulolo limanena za kamvekedwe ka mawu, silinalonjezepo kanthu za tanthauzo, koma wophunzira amalikhulupirira pa zonse ziwiri.

Ngakhale zili choncho, sindikuganiza kuti *kurova* kapena *dzinza* ndi mawu oopsa kwenikweni, ndipo pano m'pamene ndimasiyana ndi olemba mindandanda aja. Munthu akanena kuti akufuna kumenya m'nyumba, kapena kuti fuko layamba ndipo tibzale chimanga, omumvera amadabwa nthawi yomweyo. Wina amaseka, wina amamukonza, ndipo kulakwitsako kumafera pomwepo. *Tsitsi* ndi chimodzimodzi. Palibe chiganizo chimene tsitsi la kumutu ndi chifundo zingasinthane malo popanda chiganizocho kugwa. Sungamete chifundo. Liwu lotere limadziulula lokha tsiku loyamba, ndipo kulipatsa malo oyamba pa mndandanda n'kutaya nthawi ya wophunzira.

Liwu loopsa ndi lomwe matanthauzo ake awiri amakwana bwinobwino m'chiganizo chimodzi. Taonani *kutenga*. Kwa Mshona *kutenga* ndi kugula. Munthu akatuluka m'sitolo ya pafamu atanyamula thumba n'kunena kuti "ndatenga shuga", chiganizocho n'cholondola m'zilankhulo zonse ziwiri, liwu ndi liwu, popanda chosintha ngakhale chilembo chimodzi. Mshona wamva kuti munthuyo walipira. Mchewa wamva kuti wangonyamula, ndipo za kulipira sizinatchulidwe. Palibe amene aseke, palibe amene akonze mnzake. Kusamvanako kumakhala chete mpaka tsiku lowerengera katundu kapena lolandira malipiro, pamene wina adzanene kuti "unanena wekha kuti unatenga", winayo n'kuvomera ndi mtima wonse, aliyense akuganiza kuti mawuwo ali kumbali yake. Chomwe chimakulitsa chisokonezochi n'chakuti liwu la *mtengo*, wa malonda, lilipo mbali zonse ziwiri ndipo tanthauzo lake ndi limodzi: iwo amati *mutengo*. Wophunzira amaona mlatho pamenepo n'kuyamba kuwoloka, osadziwa kuti matabwa a pakati palibe.

*Kuponda* kuli m'gulu lomweli, koma pokhapokha ngati wopondedwayo ndi munthu. Kapitawo akakalipa kuti wina waponda mbande za fodya kunazale, Mshona amangodabwa pang'ono n'kuzindikira. Koma wina akafotokoza za mkangano wa kumowa n'kunena kuti "anamuponda", Mchewa amaona phazi litatera pa phazi la mnzake, pomwe Mshona amaona maliro, chifukwa *kuponda* kwawo ndi kupha munthu mwachiwembu, ndipo wakuphayo ndi *mhondi*. Nkhani yotere ikafika kwa wolemba lipoti amene sanakhalepo pakomboni, kusiyana kwake ndi kwa kupepesana ndi mlandu wa kukhoti lalikulu.

Awiri amene amandisangalatsa kwambiri, ngati womasulira, ndi *kuda* ndi *kugona*, chifukwa matanthauzo ake amaima chogadama. *Ndinokuda* ndi mawu a chikondi, ndipo anthu awiri *vanodanana* ndi amene ali pa chibwenzi. Kwa ife wokuda ndi mdani, ndipo odana sapatsana moni. Mphunzitsi wa Chishona akauza kholo kuti *mwana uyu anogona*, akuyamikira kuti mwanayo amakhoza bwino m'kalasi. Gogo wa Chichewa amene wamva zimenezo akhoza kubwerera kunyumba ndi mkwapulo m'maganizo, chifukwa kwathu mwana wogona ndi wopusa, kapena wosinza pa desiki. Apanso chiganizo sichigwa. Mphunzitsi akhoza kunena zonse ziwiri za mwana, ndipo nkhope yake yokha ndiyo ingaulule chimene akutanthauza. Pa kalata yopita kwa makolo palibe nkhope.

Chifukwa chake muyeso woyamba umene ndimapatsa munthu wophunzira si mndandanda koma funso loti azidzifunsa pa liwu lililonse looneka lodziwika: kodi tanthauzo la kwathu ndi tanthauzo lina lingakwane pa malo omwewa? Mayina a zinthu zooneka ndi maso, monga nkhuku, nkhuni ndi moto, sabisa chinyengo nthawi yaitali, chifukwa chinthucho chimakhalapo ndipo wina amachiloza. Aneni ndiwo amabisa, makamaka aneni a zochita za pakati pa anthu: kupatsana, kulipirana, kukondana, kulangana. Amenewa ndiwo ofunika kuwakayikira kuyambira sabata yoyamba, ngakhale akumveka ngati a kumudzi.

Pali chinthu china chimene mindandanda imabisa chifukwa cha kalembedwe kake komwe. Imaika mawu awiriawiri, la Chichewa kumanzere, la Chishona kumanja, ngati kuti chinyengo chilichonse chimaima pachokha. Koma mawu amenewa amayenda mogwirana ngati unyolo. Ngati *kutenga* kwawo ndi kugula, ndiye kuti mpando wa kutenga kwathu watsala wopanda munthu, ndipo liwu lina liyenera kukhalapo. Liwulo ndi *kutora*, lomwe limafanana ndi kutola kwathu, koma kwathu timatola chogwa pansi chokha, pomwe iwo *vanotora* chilichonse. Nanga kugula kwathu kunapita kuti? Ukakusintha mwa lamulo lija umapeza *kugura*, komwe ndi kudula. Funso limodzi latulutsa misampha itatu.

Yesani ndi *kutsika*. Mshona akati *usatsike*, akukuletsa kuponda, osati kutsika pa makwerero a m'balani ya fodya. Ndiye kuponda kwathu iwo amakugwiritsa ntchito yanji? Mwaona kale, ndi kupha. Yesaninso ndi *kupinda*, komwe kwa iwo ndi kulowa. Kupinda nsalu iwo amati *kupeta*, komwe kwa ife ndi ntchito ya lichero. Unyolo ngati umenewu ndi umene ndimafuna wophunzira azitsata yekha. Akangopeza liwu limodzi lomwe lasamuka pa tanthauzo la kwathu, asakhutire ndi kulilemba. Afunse mafunso awiri: tanthauzo la kwathu lija pano alitchula bwanji, ndipo liwu la kwathu la tanthauzo latsopanoli pano likutanthauza chiyani? Sikuti unyolo uliwonse umapitirira, ena amaduka pa mfundo yoyamba, koma mafunsowa ndi otsika mtengo ndipo amagwira mawu amene munthu sanakumane nawo n'komwe.

Mabuku otanthauzira mawu amathandiza pa ntchitoyi, koma osati momwe anthu ambiri amawagwiritsira. Amene ndimakhala nawo pa tebulo ndi a mitundu iwiri. Dikishonale ya Chishona ya Hannan, yomwe inatuluka koyamba mu 1959, imamasulira m'Chingerezi, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti imasonyeza kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu komanso chigawo cha Chishona chimene liwu limachokera, kaya Chizezuru, Chikaranga, Chimanyika kapena Chikorekore. Zimenezi n'zofunika, chifukwa liwu lomwe ndi msampha ku Selous likhoza kusakhala msampha ku Mutare. Koma Mchewa wofuna kuigwiritsa ntchito ayenera kudzera ku Chingerezi popita ndi pobwera, ndipo Chingerezi chimafafaniza malire amene tikuwafunawo. Chimapereka liwu limodzi lofupika pomwe ife tikufuna kudziwa kuti mneniyu amayenda ndi zinthu ziti, ndipo amachitikira ndani. Mtundu wachiwiri ndi wa mabuku ofotokoza chilankhulo m'chilankhulo chomwecho: *Duramazwi reChiShona* ya mu 1996, yomwe mkonzi wake wamkulu anali Herbert Chimhundu, ndi *Mtanthauziramawu wa Chinyanja* wokonzedwa ndi likulu la maphunziro a zilankhulo la Yunivesite ya Malawi. Kuika awiriwa pambalipambali n'kuwerenga liwu limodzi uku ndi uku kumandiuza zambiri kuposa Chingerezi. Vuto lake n'lakuti munthu amatsegula dikishonale pa liwu lomwe sakulidziwa, pomwe bwenzi lonyenga ndi liwu lomwe akuganiza kuti akulidziwa. Buku silingayankhe funso lomwe silinafunsidwe.

Ndifotokoze mmene zonsezi zinakumanira pa chiganizo chimodzi. Ndinapatsidwa ntchito yowunika zomasulira za nkhani zojambulidwa kuchokera kwa okalamba a m'makomboni ozungulira Selous. Amene anayamba kuzilemba ndi kuzimasulira anali mnyamata wa konko, mdzukulu wa Amalawi, amene Chichewa amachimva bwino koma anakulira m'Chishona ndi kuphunzira m'Chishona. Ntchito yake inali yaukhondo. Mu nkhani ya gogo wina wamkazi munali mawu awa: "Mnyamata wanga woyamba anasungidwa ku Hartley zaka ziwiri, ine kuno kumangolira." Hartley ndi dzina lakale la Chegutu, ndipo okalamba ambiri sanalisiye. Womasulirayo analemba kuti mwanayo anakhala m'ndende zaka ziwiri, chifukwa m'Chishona *kusunga* ndi kumanga, ndipo munthu amene *akasungwa* ali m'manja mwa apolisi.

Chiganizocho sichithandiza mbali iliyonse. Tawuni ili ndi polisi ndi khoti, komanso ili ndi abale. Zaka ziwiri zikhoza kukhala chilango, zikhozanso kukhala nthawi ya sukulu. Mayi amalira mwana womangidwa, amaliranso mwana amene ali kutali. Umu ndi momwe bwenzi lonyenga lenileni limakhalira: chilichonse chozungulira liwulo chimagwirizana ndi matanthauzo onse awiri.

Chizindikiro choyamba chinali mapangidwe a liwulo. Gogoyo anati *anasungidwa*, ndi mchira wa Chichewa, osati *akasungwa*. Koma umboni umenewu ndi wopepuka, chifukwa anthu a pakomboni amaveka mawu a Chishona zovala za Chichewa tsiku ndi tsiku. Munthu akhoza kubwereka tanthauzo n'kusunga mchira wa kwawo. Ndiye ndinafunsa funso la mpando wopanda munthu lija, koma ndinalifunsa kwa gogo yemweyo, m'mawu ake omwe: iyeyu akafuna kunena za kumangidwa amati chiyani? Ndinabwerera kumayambiriro kwa nkhani yake, ndipo pofotokoza za mwamuna wake amene anagwidwa alibe chitupa m'nthawi ya atsamunda, anati "anawamanga", kenaka "atamangidwa". Mpando wa kumanga unali ndi mwini wake kale m'kamwa mwa gogoyu. Zikatero, mwayi woti *kusunga* kwake kukhale kwa Chishona umachepa kwambiri, ngakhale sutheratu.

Chotsatira chinali kufufuza wosungayo. Chiganizo cha Chishona chikanakhala ndi apolisi pafupi, kapena mlandu, kapena tsiku lotuluka. M'nkhani yonseyo munalibe mlandu uliwonse wa mnyamatayo. M'malo mwake, patsogolo pang'ono, gogoyo anadandaula kuti sukulu ya pafamu inkathera m'makalasi a m'munsi, ndipo kwina anatchula mlongo wake amene ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu m'tawuni. Kwa Mchewa zidutswa zimenezi zimalumikizana zokha, chifukwa kwathu mwana kukakhala kwa atsibweni ake kuti aphunzire si nkhani yofuna kufotokoza. Mwina n'chifukwa chake gogoyo sanaifotokoze.

Umboni unalipo wokwanira, koma mwini nkhani anali moyo, ndipo tinapita kukamufunsa. Kafunsidwe kake nakonso kali ndi luso. Kufunsa wokalamba kuti "kusunga kumatanthauza chiyani" n'kumuika m'kalasi, ndipo ambiri amangobwereza liwu lomwelo mokweza. Kufunsa kuti "kodi anamangidwa?" n'kumuikira mawu m'kamwa, mwinanso kumunyoza. Funso labwino limafuna chidutswa chosowacho. Ndinati, "Agogo, mwana wanu uja ku Hartley, ankamusunga ndani?" Iwo anati, "Atsibweni ake, nanga ndani? Ankapita kusukulu kumeneko, mwanawe." Zikanapanda kutero, bambo amene lero ali ndi adzukulu ake akanalowa m'zolembedwa ngati munthu amene anakhalapo m'ndende, ndipo tsiku lina mdzukulu wake akanadzawerenga zimenezo.

Koma gogo yemweyo ndi amene amaika malire pa njira yangayi. M'nkhani yomweyo anati, "Nsalu imeneyi ndinatenga ndi ndalama zanga za fodya, madola atatu." Apa *kutenga* ndi kugula, mwa Chishona, ndipo ndalama zotchulidwazo zikuchitira umboni. Ndinafufuza *kugula* m'nkhani yake yonse ndipo ndinakupeza kamodzi kokha, pokumbukira za ubwana wake. Ndiye kuti m'kamwa mmodzi momwemo, *kusunga* kunatsala kwa Chichewa pomwe *kutenga* kunasamukira ku Chishona. Sizodabwitsa. Kusunga mwana ndi nkhani ya m'banja, yokambidwa ndi abale, pomwe kugula kumachitikira kusitolo ndi kumsika, kumene Chishona chimalamulira. Womasulira wochokera ku Lilongwe akanamva kuti gogoyo anangotenga nsalu, ndipo akanalakwitsa mofanana ndi mnyamata uja, kungoti kuchokera mbali inayo. Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana ndi anzanga ena amene akamva Chichewa cha m'mafamu a ku Zimbabwe amafulumira kunena kuti n'chowonongeka. Mndandanda umanena kuti liwu ili m'Chichewa ndi ichi, m'Chishona ndi icho. Ku Selous funso lenileni n'lakuti munthu uyu, pa nkhani iyi, akulankhula kuchokera mbali iti, ndipo yankho lake limasintha pa liwu lililonse.

Gulu lomwe mindandanda siitchula n'komwe ndi la mawu amene ndi abale enieni, tanthauzo lake n'logwirizana, koma kukula kwake n'kosiyana. *Mvura* ndi mvula, koma ndi madzi akumwanso, choncho mlendo akati *ndipeiwo mvura* sakupempha mitambo. Iri ndi losavuta. *Kurira* n'kovutirapo: ng'oma, belu ndi tambala zimatero, koma munthu wa chisoni *anochema*, pomwe kulira kwathu kumakwanira onsewo. *Kuenda* ndi kupita, ndipo kuyenda ndi miyendo iwo amati *kufamba*. Mawu amenewa wophunzira akhoza kukhala nawo zaka zambiri osadziwa kuti akuphonya, chifukwa theka la nthawi amalondola, ndipo theka linalo anthu amangomumvetsa mwaulemu.

Pa mawu a chibale ulemu umenewo umatha. Kwathu mlamu ndi m'bale aliyense wa mkazi wako kapena wa mwamuna wako, wamwamuna kapena wamkazi. Kwa Ashona *muramu* ndi wochepa kuposa pamenepo. Kwa mwamuna, ndi mng'ono wa mkazi wake, amene amaloledwa kuseleulana naye mwa mwambo wa *chiramu*. Mlongo wa mkaziyo ndi *tsano*, ndipo amaima kumbali ya apongozi, kofunika kuombera m'manja ndi kusankha mawu. Mkamwini wa Chichewa amene wakwatira kwa Ashona akatchula mlongo wa mkazi wake kuti *muramu*, sanatukwane, koma wamuika pa mpando wa munthu wochita naye nthabwala, ndipo akuluakulu a pakhomopo amazindikira. Njira yogwirira mawu otere ndi kuyesa m'mphepete mwake. Ukamva liwu likugwiritsidwa ntchito monga kwanu, usafunse ngati n'lolondola, chifukwa adzakuuza kuti inde. Funsa za munthu wina kapena chinthu china chimene kwanu chimalowa m'liwulo: nanga uyu, nayenso ndi *muramu*? Nanga mwana wakhanda, nayenso *anorira*?

Liwu limodzi lomwe pafupifupi aliyense wa pakomboni amalidziwa, ndipo limasonyeza kuti nthawi zina anthu amasankha okha kusamvana, ndi *kutamba*. Kwa Mshona ndi kusewera ndi kuvina: *vana vari kutamba panze* ndi ana akusewera pabwalo. Kwa ife otamba ndi afiti, usiku, pakhomo pa munthu. Gule wamkulu anabwera m'mafamu amenewa ndi Achewa, ndipo Ashona amamutchula kuti *zvigure*. Mshona akanena kuti anthu a pakomboni *vanotamba zvigure*, mwa chilankhulo chake wangonena kuti amavina. Koma m'dera limene obwera akhala akunenedwa za mankhwala ndi ufiti kwa zaka zambiri, ndipo akhala akutchulidwa mayina ngati *mabhurandaya* kuchokera ku dzina la Blantyre, wokalamba wa Chichewa amamva mawu onse awiri nthawi imodzi. Amadziwa bwino lomwe chimene Mshonayo akutanthauza. Okalamba amene ndinacheza nawo, ngakhale polankhula Chishona chosalala, akafika pa gule ankabwerera ku liwu la kwawo n'kunena kuti kuvina.